Funso la insulini ndi furiji yomwe inafika pa -2°C: tithandizane, mayeso ayandikira

Chisomo: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ife tikuwerengera kuno ku Dedza, ndipo funso ili latigawa pawiri. Ndilemba m'Chichewa monga ndalimvera. Mayi wina wa ku Mtakataka ali ndi matenda a shuga. Adokotala amulembera insulini ya aisofeni, ya mayuniti 100 pa mililita, botolo la mamililita 10. Azibaya mayuniti 14 m'mawa ndi 8 madzulo, ndipo adzaonanenso ndi adokotala pakatha masiku 84. Kunyumba kwake kulibe furiji. Gawo loyamba: mupereka mabotolo angati? Lachiwiri: lembani lebulo. Lachitatu: mumulangiza zotani pa kasungidwe? Lachinayi: m'mawa womwewo choyezera cha m'furiji ya famase chikuonetsa 5°C, koma MIN, nambala yotsika kwambiri imene chinafikapo, ndi -2°C ndipo MAX, yokwera kwambiri, ndi 7°C. Mkatimo muli insulini, katemera wa penta ndi wa poliyo wodonthezera m'kamwa. Muchita chiyani?

Yamikani: Loyambalo ndi masamu a sitandade 6. 14 kuphatikiza 8 ndi 22 pa tsiku. 22 kuchulukitsa ndi 84 ndi 1,848. Botolo limodzi lili ndi mayuniti 1,000. Mabotolo awiri basi, ndipo otsala alipo. Tipite pa lachiwiri.

Mayi Nangozo: A Yamikani, masamu anu ali bwino, koma dzenje limene wolemba funso anakumba ndi lomwelo mwagweramo. Botolo la insulini silitha chifukwa chakuti mankhwala atha okha ayi. Likangobooledwa, kapena likangotuluka m'furiji, limayamba kuwerenga masiku ake, ndipo chiwerengero chimene timaphunzitsidwa ndi masiku 28. Pa masiku 28 mayiyu abaya mayuniti 616 okha. M'botolo mutsala 384, koma amenewo ndi otaya. Ndiye masiku 84 akufuna mabotolo atatu. Mukuona kuti 84 ndi 28 katatu? Wolemba funso sanasankhe nambala imeneyo mwangozi.

Yamikani: Koma mayi, kutaya mayuniti pafupifupi 400 pa botolo lililonse, insulini ikusowa chonchi? Ndipo ine ndinaona pepala la m'katoni ina likunena masabata 6, osati 4.

Mayi Nangozo: Mwaona zoona. Mapepala amasiyana malinga ndi kampani, ndipo masikuwo amabwera ndi malire a kutentha: ena amati pansi pa madigiri 25, ena pansi pa 30. Funso likakupatsani dzina la kampani ndi mawu a pa pepala, tsatirani zimenezo. Likapanda kutero, lembani masiku 28, ndipo onjezani chiganizo chimodzi chakuti mutsimikiza ndi pepala la wopanga. Komanso taonani kumene mayiyu akuchokera. Ku Mtakataka ndi kumunsi, kufupi ndi nyanja, si kuno kumapiri. M'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala simungalonjeze munthu madigiri 25.

Bambo Maseko: Ndiwonjezere pamenepo, chifukwa atatu nawonso si yankho lonse. Funso lati mupereka angati, silinati afunika angati. Afunika atatu pa masiku 84, koma lero mupereka limodzi. Mukamupatsa onse atatu, awiri osatsegulawo akakhala kunja kwa furiji kuyambira lero. Botolo lachiwiri pofika tsiku lolitsegula lidzakhala litadya kale masiku ake 28 lili chitsekere, lachitatu masiku 56. Ambiri amaganiza kuti masiku amayamba singano ikalowa. Zimenezo ndi za munthu amene akusunga mabotolo osatsegula m'furiji. Kwa wopanda furiji amayamba tsiku limene botolo latuluka m'furiji yanu. Yankho lodzaza ndi lakuti: botolo limodzi lero, abwerenso pakatha masiku 28 kudzatenga lina, ndipo mulembe m'buku lake la chipatala kuti awiri atsala.

Chisomo: Ife tinagawanika pakati pa awiri ndi atatu, za limodzi palibe anaziganiza.

Tadala: Pepani kulowerera. Agogo anga ku Bwanje amabayanso insulini, ndipo ulendo wa kuchipatala mwezi ndi mwezi ndi ndalama zimene alibe. Mukawauza botolo limodzi, mwezi wachiwiri akhala osabaya. Kodi sikwabwino kuwapatsa onse atatu kusiyana ndi kuti akhale opanda?

Bambo Maseko: Achemwali, funso lanu ndi lolemera, ndipo pa windo la famase limabwera tsiku ndi tsiku. Njira imene ndingalembe ngakhale pa mayeso ndi yopeza furiji yodalirika pafupi ndi kwawo, makamaka ya pa chipatala chaching'ono cha m'dera lawo, kuti mabotolo osatsegula azikakhala kumeneko atalembedwa dzina, iwo azikatenga limodzilimodzi. Furiji ya pa golosale ayi. Mwini wake amaikweza kuti zakumwa zizizire msanga, usiku amaizimitsa, ndipo tsiku lina mwana wa pa sitolo aponya botololo m'chipinda cha ayisi.

Limbani: Ine pamenepa ndikusiyana nanu pang'ono, bambo. Bungwe la madokotala la MSF pamodzi ndi yunivesite ya ku Geneva anatulutsa kafukufuku mu 2021, wochokera ku kampu ya othawa kwawo ya Dagahaley ku Kenya. Anapeza kuti insulini yosungidwa pa kutentha kokwera ndi kutsika pakati pa madigiri 25 ndi 37 sinataye mphamvu pa masabata anayi ogwiritsa ntchito. Ndiye insulini si yofooka monga timaiopera.

Mayi Nangozo: Kafukufukuyo ngothandiza, koma taonani chimene akutilimbitsa nacho mtima: botolo limodzi lija, pa masabata ake anayi, m'dera lotentha. Lebulo ya wopanga sinasinthe, ndipo wochonga mayeso ali ndi lebulo m'manja. Mukhoza kumutchula pa zokambirana, koma musamangirepo yankho la mabotolo atatu.

Limbani: Pa mayeso ndavomera. Pa agogo a Tadala sindinakhutire, chifukwa kukhala osabaya mwezi wathunthu kuli ndi ngozi yodziwika, pomwe botolo losatsegula la mumphika wozizira mwina lingotaya mphamvu pang'ono.

Bambo Maseko: "Pang'ono" ameneyo simungamuyeze ndi maso, ndipo agogo alibe makina oyezera shuga kunyumba. Imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi adokotala awo, munthu payekhapayekha. Tiyeni ku lebulo.

Chisomo: Yanga ndinalemba chonchi: dzina la wodwala, insulini 14U m'mawa, 8U madzulo, sungani m'furiji, tsiku, dzina la chipatala.

Mayi Nangozo: Mng'ono wanga, pali zinthu zitatu zimene zikudyereni malikisi, ndipo chimodzi chingaphe munthu. Choyamba ndi chilembo U chimenecho. Cholembedwa ndi dzanja chimaoneka ngati ziro, 8U n'kusanduka 80. Liwu la mayuniti limalembedwa lonse, nthawi zonse, pa lebulo ndi m'kaundula momwe. Chachiwiri, mwangoti insulini. Iti? Ilipo yoyera mbee ngati madzi, imene imagwira msanga, ndipo ilipo ya aisofeni yooneka ngati mkaka, imene imagwira pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Lembani mtundu, mphamvu yake ndi kuchuluka kwake. Chachitatu, mwauza munthu wopanda furiji kuti asunge m'furiji. Lebulo yotero imamutumiza kukapempha malo ku golosale kuja. Pa mayeso mulemba m'Chingerezi, koma zimene ziyenera kuonekapo ndi izi, kuwonjezera pa dzina la wodwala, tsiku loperekera, ndi dzina ndi malo a famase:

Insulini ya aisofeni, mayuniti 100 pa mililita, botolo limodzi la mamililita 10. Bayani pansi pa khungu mayuniti 14 m'mawa ndi mayuniti 8 madzulo. Gubuduzani botolo m'manja musanakoke. Sungani pamalo ozizira, pa mthunzi, osaumitsa ngati ayisi. Musagwiritse ntchito kupyola pa 1 Julayi. Sungani patali ndi ana.

Tsikulo ndawerenga ngati mwapereka pa 3 Juni. Musalembe kuti "tayani pakatha masiku 28" n'kusiyira pomwepo. Wodwala sadzakumbukira tsiku limene anayamba. Werengani inuyo, mulembe tsiku lenileni.

Yamikani: 3 Juni kuphatikiza 28 ndi 1 Julayi, koma mukawerenga pa 3 pomwepo ngati tsiku loyamba, la 28 ndi 30 Juni. Tilembe liti?

Mayi Nangozo: Onse awiri ndawaonapo akulandiridwa. Onetsani mmene mwawerengera. Amene akufuna kusamala kwambiri alembe 30 Juni, palibe angamudzudzule chifukwa chotaya tsiku limodzi msanga. Chofunika kuposa pamenepo: yang'anani tsiku lothera ntchito la wopanga. Likakhala pafupi kuposa masiku 28 anuwo, ndilo limalamulira.

Bambo Maseko: Ndipo lebulo muimate pati? Ambiri amamata pa katoni pokha. Katoni imanyowa, imang'ambika, imatayidwa sabata yoyamba, botolo n'kutsala lopanda malangizo. Pa botolo penipeni pakhale kalebulo kokhala ndi dzina, mayuniti ndi tsiku lotayira, komata ngati mbendera kuti kasaphimbe dzina la mankhwala, nambala ya gulu limene anapangidwira, ndi tsiku lothera ntchito. Botolo lochoka m'furiji limachita thukuta, ndiye lipukuteni kaye, apo ayi lebulo imatuka asanafike pa geti. Musaiwalenso masirinji. Akhale a insulini olembedwa U-100, ofanana ndi mphamvu ya m'botolo. Sirinji ya U-40 pa insulini ya mayuniti 100 imapereka mlingo wochuluka kawiri ndi theka: akoka mpaka pa 14, wabaya 35.

Tadala: Ine ndimaganiza kuti yooneka ngati mkakayo ndiye yaonongeka. Sichoncho?

Mayi Nangozo: Zimatengera mtundu. Yoyera ngati madzi ikachita mtambo, yaonongeka, itayidwe. Ya aisofeni mtambo ndi chibadwa chake. Ikakhala, zoyera zimadikha pansi, ndipo mukaigubuduza pakati pa zikhato kakhumi kapena kupitirira imasakanikirana n'kukhala ngati mkaka paliponse. Yaonongeka ngati mutagubuduza mukuonabe timibulu, kapena zoyera zakakamira m'mbali mwa galasi. Osaikhutchumula mwamphamvu, thovu limalowa m'sirinji n'kuchepetsa mlingo. Ndipo amene sagubuduza amabaya zamadzimadzi masiku oyamba, shuga n'kukwera, kenako zokhathamira kumapeto kwa botolo, shuga n'kugwa usiku.

Chisomo: Nanga za mphika wosungiramo insulini? Aphunzitsi anatchulako koma mwachidule.

Limbani: Miphika iwiri ya dothi yosapaka utoto, waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba kansalu konyowa. Uikidwe pa mthunzi podutsa mphepo, kutali ndi moto wa kukhitchini, ndipo mchenga uzithiridwa madzi ukayamba kuuma. Madzi akamauluka kudzera m'dothi amachotsa kutentha. Botolo likhale m'kachitini kapena kabotolo ka pulasitiki kotseka bwino. Cholakwika chofala ndi kuponya insulini m'madzi a mumtsuko momwemo: lebulo imachoka, ndipo madzi akuda amakhala pa labala pamene singano ikalowere. Mulembenso malire ake. Mphika umatsitsa madigiri angapo chabe, sufika pa 8, ndipo nthawi ya dzinja mpweya ukakhala wa chinyontho umagwira ntchito mochepa. Choncho suimitsa masiku 28 aja.

Bambo Maseko: Ulendo wobwerera kwawo nawo uli ndi malikisi ake. Botolo lisakhale pa dzuwa la pa windo la minibasi, kapena pa mpando wa kutsogolo umene uli pamwamba pa injini. Mukamuikira paketi yozizira, ikhale ya madzi ozizira, osati youma gwa, ndipo pakati pakhale katoni kapena nsalu. Insulini yambiri imafera m'manja mwa anthu ofuna kuithandiza ndi ayisi.

Yamikani: Gawo lachinayi ndiyesenso. Panopa furiji ili pa 5, ili m'malire a 2 mpaka 8. Tiyang'ane VVM, kachizindikiro ka kutentha komata pa botolo la katemera. Ngati kabokosi ka mkati kakadali koyera kuposa bwalo lozungulira, zonse zili bwino, tipitirize kupereka.

Limbani: Achimwene, VVM imaona kutentha kokha. Kabokosiko kamada pang'onopang'ono botolo likamatenthedwa, ndipo kakafanana ndi bwalo kapena kuda kuposa, katemera watha. Za kuzizira kopyola sikadziwa kanthu. Penta akhoza kuuma usiku, kusungunuka m'mawa, VVM ili yoyera bwinobwino, mphamvu itapita. N'chifukwa chake funso lakupatsani MIN. Nambala ya 5 ikukuuzani za mphindi ino yokha. Ya -2 ikukuuzani zimene zinachitika inu muli mtulo.

Mayi Nangozo: Ndondomeko yake pa pepala iyende motere. Lembani manambala onse atatu pa tchati, ndi nthawi, musanakhudze batani lobwezeretsa, chifukwa mukalidina umboni wafufutika. Imitsani kupereka chilichonse chochokera m'furijimo. Zokayikitsa ziikidwe pazokha, zilembedwe kuti zisagwiritsidwe ntchito, koma zikhalebe pa madigiri 2 mpaka 8, m'furiji ina kapena m'bokosi lozizira. Apa ambiri amalakwa: amazitulutsa n'kuziika pa tebulo podikira abwana, ndiye ngakhale zimene zikanapulumuka zaonongeka. Dziwitsani woyang'anira famase, ndipo za katemera adziwe woyang'anira katemera wa boma. Fufuzani kuti kuziziraku kunatenga nthawi yaitali bwanji. Pamene pali choyezera chotchedwa Fridge-tag, imasunga mbiri ya masiku 30, ndipo imaonetsa alamu ikakhala pansi pa -0.5°C kwa ola lathunthu, kapena pamwamba pa 8°C kwa maola 10. Choyezera wamba cha MIN ndi MAX sichinena nthawi, mumangodziwa kuti zinachitika pakati pa kuwerenga kwa dzulo madzulo ndi kwa lero m'mawa. Ngati tchati chili ndi mipata, simudziwa n'komwe kuti ndi usiku uti.

Chisomo: Ndiye chilichonse mwa zitatuzo chitani?

Limbani: Wa poliyo wodontheza saopa kuuma, m'nkhokwe zikuluzikulu amasungidwa m'chipinda cha ayisi. Ameneyo yang'anani VVM ndi tsiku lothera ntchito, apitirire. Penta ali ndi aluminiyamu amene amagwirizira katemerayo, ndipo akauma timibulu timaphatikana, sitibwereranso. Amayesedwa pokhutchumula. Tengani botolo limodzi la kampani yomweyo ndi gulu lomwelo, mulilembe kuti ndi loumitsa dala, muliike m'chipinda cha ayisi maola osachepera 10 mpaka liume gwa, kenako lisungunuke lokha. Ligwireni m'dzanja limodzi ndi botolo lokayikitsa, mukhutchumule onse pamodzi masekondi 10 mpaka 15, muwaimike moyandikana powala. Loumitsa dala lidikha msanga, pamwamba n'kuyera. Lokayikitsa likamadikha mochedwa kuposa linzakelo, silinaume. Likadikha mofanana kapena msanga, linauma, ndipo gulu lonselo lichotsedwe. Mukapeza botolo lili louma kale ndi maso, palibenso choyesa.

Yamikani: Ndiye insulini ya mkaka ija tiiyese chimodzimodzi, poti nayo imadikha.

Bambo Maseko: Ayi ndithu. Kuyesa kumeneko kunapangidwira katemera wa aluminiyamu yekha. Insulini ilibe njira yoyesera pa famase. Mukaona timibulu kapena zokakamira pa galasi, yauma, itayidwe motsata ndondomeko ndi kulemba m'kaundula. Koma kusaona kanthu sikutanthauza kuti ili bwino, makamaka yoyera ngati madzi ija, imene imatha kusungunuka n'kuoneka ngati yatsopano. Lamulo la wopanga ndi lakuti insulini imene inaumapo isagwiritsidwe ntchito. Pa -2 mwina sinaume, mpweya umazizira msanga kuposa madzi a m'botolo, koma inu simungatsimikize. Ikhale pambali mpaka wafamase wamkulu atagamula, atamva kwa wopanga kapena amene anabweretsa mankhwalawo.

Chisomo: Dikirani. Ndiye botolo limodzi la mayi wa ku Mtakataka lija lichokera kuti?

Bambo Maseko: Mwafika pamene funso limafuna. Gawo lachinayi likubwerera ku loyamba. Simungamupatse za m'furiji imeneyo. Lembani kuti mutenga ku furiji ina imene tchati chake chili bwino, kaya ya mosungira mankhwala kaya ya ku wodi, kapena mubwereka ku chipatala choyandikana, ndipo mayiyo asachoke wopanda insulini. Mumufunsenso ngati ali ndi yotsala kunyumba ndi tsiku limene anaiyamba.

Tadala: Koma furiji ingafike bwanji pa -2? Ine ndimadziwa vuto la magetsi a ESCOM kuzima, furiji n'kutentha.

Mayi Nangozo: Ziwirizi zimayendera limodzi. Magetsi akazima masana, wina amapotokola kabatani ka mkati mpaka kumapeto kuti izizire msanga akayaka, n'kuweruka osabwezera. Kapena kanakwezedwa nthawi yotentha, ndipo palibe anakatsitsa pofika Juni, pamene usiku wa ku Dedza kapena ku Tsangano chipinda chenichenicho chimakhala chozizira kale. China ndi kaikidwe. M'furiji ya panyumba khoma la kumbuyo ndi shelefu ya pansi pa chipinda cha ayisi ndiye pozizira kwambiri, chitseko ndiye potentha. Mankhwala akhale pa mashelefu a pakati, osagunda khoma, pakhale mipata yodutsa mpweya, ndipo m'chitseko ndi pansi muikemo mabotolo a madzi kuti kuzizira kusamasinthe msanga. Choyezera chikhale pakati pa mankhwalawo. Chikagona chogunda khoma la kumbuyo chikhoza kuonetsa -2 pomwe makatoni ali pa 3, ndiye onani pamene chili musanaweruze. Mukasintha kabatani, sunthani pang'ono, mudikire maola angapo, muwerengenso, ndipo mankhwala abwerere furiji ikakhazikika.

Limbani: Chimodzi chikundivutabe pa funsoli. Katemera ali ndi furiji yakeyake, nanga insulini ikutani mmenemo? Mabotolo ang'onoang'ono ofanana amasokoneza pa tsiku la sikelo. Ine ndikanalemba kuti zilekanitsidwe.

Bambo Maseko: Lembani, chiganizo chimodzi kumapeto, sichikuchotserani kanthu. Kungoti pa chipatala chaching'ono cha furiji imodzi ya sola, mabotolo a agogo a Tadala aja tawatumiza komweko ndife tomwe. Pamenepo chotheka ndi kabokosi kotseka kolembedwa zilembo zazikulu, pa shelefu yakeyake, mogwirizana ndi woyang'anira katemera.

Yamikani: Nanga funso likatembenuka, MAX ikhale 14°C magetsi atazima usiku wonse, insulini yosatsegulayo titaya?

Mayi Nangozo: Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo siopsa ngati kuuma. Poyamba ndi chimodzimodzi: lembani, patulani, sungani pozizira, nenani. Koma insulini imene imaloledwa masiku 28 pa kutentha kwa m'nyumba siifa ndi usiku umodzi pa 14. Kawirikawiri chigamulo chimakhala kuilemba tsiku limene zinachitika ndi kuipereka msanga, ena amaiwerengera masiku 28 kuyambira pomwepo. Yesani kuyankha lonse ndi manambala amenewo, a Yamikani, muike pano usiku uno tichonge. Musinthe mlingo ukhale mayuniti 26 m'mawa ndi 14 madzulo, muone ngati botolo limodzi lifikabe masiku 28.

Yamikani: 40 pa tsiku, botolo litha pa tsiku la 25. Ndiye abwere msanga, kapena apatsidwe awiri?

Mayi Nangozo: Lembani zonse ndi zifukwa zake, tiona madzulo.